Nsomba yathunthu ipsa mphindi zingati? Mafunso ndi mayankho pa kuwotcha, kukazinga ndi kuphika ndi nthunzi

Nsomba yathunthu imavuta anthu ambiri pa chinthu chimodzi: nthawi yoitula pamoto. Ukafulumira umapeza magazi pafupa la msana, ukachedwa pang'ono mnofu umauma n'kutha kukoma. Mayankho ali m'munsimu akunena za nsomba yaiwisi, yatsopano, yokhala ndi mutu, khungu ndi minga yake, ndipo onse atsamira pa mfundo yoti nthawi yophika imachokera pa kuchindikala kwa nsombayo.

N'chifukwa chiyani tiyang'ane kuchindikala, osati kulemera kapena kutalika?

Chifukwa kutentha kumalowa mu nsomba kuchokera pakhungu n'kumayenda pang'onopang'ono kupita pakati. Malo omaliza kupsa ndi mnofu umene wagundana ndi fupa la msana, pamene nsombayo yanenepa kwambiri. Chimene chikulamula nthawi ndi mtunda wochokera pakhungu kukafika pamenepo.

Tengani nsomba ziwiri zolemera chimodzimodzi, tinene magalamu 800 iliyonse. Ina ndi yaitali, yopyapyala, yochindikala masentimita 3 okha. Inayo ndi yaifupi, yonenepa, yochindikala masentimita 5. Sikelo ikuti n'zofanana, koma mukaziika pamoto umodzi, yoyambayo ipsa pa mphindi pafupifupi 12 pamene yachiwiriyo ikufuna mphindi 20 kapena kuposerapo. Mukazitula nthawi imodzi, ina ikhala yowuma kapena inayo yaiwisi. Kutalika nakonso sikuwonjezera nthawi, malinga nsomba yonse ili pamoto wofanana, popeza mutu, pakati ndi mchira zikulandira kutentha nthawi imodzi.

Ndiyeze pati, ndipo ndiyeze motani?

Gonekani nsomba cham'mbali pathabwa, mmene idzagonere pamoto. Pezani pamene yatukuka kwambiri, ndipo kawirikawiri pamakhala kumbuyo kwa mutu pang'ono, chakumsana. Imikani rula pambali pake ndipo muwerenge kuchokera pathabwa kufika pamwamba pa nsomba. Kuti musanamizidwe ndi maso, gonekani mpeni pamwamba pa nsombayo mopingasa, muone pamene mpeniwo wakhudza rula.

Ambiri amayeza kuchokera kumsana kupita kumimba. Uko ndi kufutukuka kwa nsomba, ndipo mukawerengera nthawi pa muyeso umenewo muipsereza.

Ngati mulibe rula pafupi, zala zimathandiza, koma zala za anthu zimasiyana. Yezani zanu kamodzi ndi rula n'kuloweza. Kwa akuluakulu ambiri zala ziwiri zophatikizana zimakhala pakati pa masentimita 3 ndi 4. Yezani nsomba mutaitumbula kale, ndipo ngati mwaika zinthu m'mimba mwake, monga anyezi kapena mandimu, yezani zinthuzo zili momo.

Nanga mphindi zake ndi zingati?

Poyambira pabwino ndi mphindi 4 pa sentimita iliyonse. Mabuku ambiri ophikira amalemba kuti mphindi 10 pa inchi imodzi, yomwe ndi masentimita 2.5, ndipo kawerengedwe kameneka kanafalitsidwa ndi nthambi ya boma yoona za nsomba ku Canada. Motero nsomba ya masentimita 2 ikufuna mphindi 8, ya masentimita 3 mphindi 12, ya masentimita 4 mphindi 16, ya masentimita 5 mphindi 20.

Mphindi zimenezi ndi za mbali zonse ziwiri pamodzi. Mukamawotcha kapena kukazinga m'mafuta ochepa, mumazigawa pawiri. Ndaonapo anthu akupatsa nsomba ya masentimita 4 mphindi 16 mbali iliyonse, ndipo chotuluka pamenepo chimamvetsa chisoni.

Kawerengedweka kanapangidwira moto wamphamvu, wa madigiri pafupifupi 200 mpaka 230 pa sikelo ya Celsius, kapena nthunzi ya madzi obwata kwambiri. Moto ukakhala wofooka, mphindizo sizikwana.

Kodi lamulo limeneli siliphonya?

Limaphonya, ndipo ndi bwino kudziwa mbali imene limaphonyera. Kutentha sikuyenda pa liwiro lofanana kuchokera pakhungu mpaka pakati. Sentimita yoyamba imatentha msanga, yachiwiri imachedwerapo, yachitatu imachedwa koposa. Mu sayansi ya kayendedwe ka kutentha, chinthu chikachindikala kuwirikiza kawiri, nthawi yoti pakati patenthe imawirikiza pafupifupi kanayi. Lamulo la mphindi 4 limangowongola nkhaniyi kuti ikumbukike mosavuta, ndipo limagwira bwino pa nsomba za masentimita 2 mpaka 5.

Pa nsomba yopyapyala, yosafika masentimita 2, lamuloli limapereka nthawi yochuluka, ndiye yambani kuyang'ana msanga. Pa yochindikala kuposa masentimita 6 limapereka nthawi yochepa, komanso khungu limapserera pakati pasanapse. Palinso zina zimene zimasuntha nthawi: nsomba yochokera m'filiji imachedwa kuposa imene yakhala panja mphindi 15, nsomba yochekedwa mizere imafulumira, ndipo mphepo imachepetsa mphamvu ya makala.

Ndiye wotchi muzigwiritsa ntchito chonchi: werengani mphindi, chotsanipo ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi imeneyo ikakwana yang'anani nsomba pafupa. Nsomba yosapsa ikhoza kubwerera pamoto, koma youma sibwereranso mwakale.

Ndidziwa bwanji kuti yapsadi?

Musakhulupirire khungu, chifukwa limafiira msanga. Musakhulupirirenso mchira, chifukwa ndi wopyapyala ndipo umapsa kale kwambiri pakati pasanafike. Ena amayang'ana diso likayera, koma diso limayera nsomba isanapse mkati.

Lowetsani nsonga ya mpeni pamene munayeza paja mpaka igunde fupa la msana, n'kukankhira mnofu pambali pang'ono. Mnofu wakupsa umakhala woyera mofanana, wosanyezimira, ndipo umakanuka pafupa popanda kukoka. Wosapsa umaoneka wamadzimadzi, wonyezimira, wotuwira kapena wofiirira, ndipo umakakamira fupa. Mukaona kuti kwatsala kachigawo kopyapyala kwambiri konyezimira pafupa penipeni, mwayandikira: mphindi imodzi kapena ziwiri zikwana.

Chizindikiro china chili pa chipsepse cha pamsana. Kokani munga umodzi wa chipsepsecho pafupi ndi mutu. Ukazuka mosavuta, wopanda mnofu wauwisi, nsomba yapsa kapena yatsala pang'ono.

Amene ali ndi chipangizo choyezera kutentha kwa chakudya achilowetse pamalo ochindikalawo popanda kugunda fupa. Mabungwe oona za chitetezo cha chakudya ku America amalangiza madigiri 63. Kutentha kumapitiriza kulowa mkati nsomba ikachoka pamoto, choncho yowotcha kapena yokazinga ikafika madigiri 60 mukhoza kuitula n'kuisiya mphindi zitatu kapena zisanu, kenako muyezenso. Ine ndimaumirira kuti nsomba ifike pa 63, makamaka ya m'madzi opanda mchere, chifukwa nsomba zotere zimatha kukhala ndi tinyongolotsi timene timafa ndi kuphika kokwanira. N'chimodzimodzi ngati odyawo ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala.

Timadzi toyera tokhuthala tikatuluka tochuluka m'mizere, mnofu wafinyika ndi kutentha ndipo nsomba yayamba kupitirira. Tochepa si vuto.

Kodi kakonzedwe ka nsomba kamasintha nthawi?

Kamasintha, makamaka mizere. Koma yambani ndi kutsimikiza kuti nsombayo ndi yatsopanodi: maso owala ndi otukuka, makha ofiira bwino, mnofu wobwerera mukaudina ndi chala, ndi fungo lopepuka losaboola mphuno. Nsomba yoyamba kufewa imanyenyeka pamoto ngakhale muwerenge mphindi molondola.

Palani mamba, tumbulani mosamala kuti ndulu isaphulike, ndipo chotsani makha chifukwa amawawitsa. M'mimba, motsatira fupa la msana, muli mzere wakuda wooneka ngati magazi oundana. Umenewo ndi impso. Ubooleni ndi mpeni, muukande ndi chala kapena kasupuni, n'kutsuka. Mukausiya, nsomba imamveka fungo, komanso mukadzaitsegula mudzaona zofiira pafupa n'kuganiza kuti sinapse pamene yapsa.

Kenako chekani mizere mbali zonse ziwiri, yopendekeka, yotalikirana masentimita 3, yozama mpaka pafupi ndi fupa pamalo onenepa. Mizereyi imatsegulira kutentha njira yofikira pakati, imalowetsa mchere, ndipo imakupatsani poyang'anira kupsa popanda kuwononga nsomba. Kumchira musachekeko, n'kopyapyala kale. Nsomba yosafika masentimita 2 siifuna mizere, ndipo ya mnofu wofewa kwambiri muicheke mosazama kuti isaduke potembenuza.

Pa nsomba ya magalamu 800, supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi yokwana. Pakani pakhungu, m'mizere ndi m'mimba, dikirani mphindi 15, ndipo pukutani madzi amene atuluka ndi kansalu koyera kapena pepala la kukhitchini. Pa kuwotcha ndi kukazinga, kupukuta kumeneku n'kofunika kuposa zonunkhiritsa zonse. Khungu lonyowa silingafiire madziwo asanaume, ndipo mphindi zimene zikutha poumitsa khungu ndi zomwe zikuumitsanso mnofu.

Tiyese ndi nsomba ya masentimita 4. Ndiiwotche bwanji pamakala?

Lamulo likutipatsa mphindi 16. Yatsani makala ndipo dikirani malawi athe, makalawo ayere phulusa pamwamba. Akankhireni mbali imodzi kuti pakhale mbali yotentha kwambiri ndi ina yozizirirapo. Waya ukhale masentimita 10 mpaka 12 pamwamba pa makala. Kuti muyese moto, ikani dzanja masentimita 12 pamwamba pa waya mosamala: ngati mukupirira masekondi atatu kapena anayi, moto uli bwino. Ngati simungathe kufika masekondi awiri, wachuluka, khungu lida mkati musanatenthe. Ngati mukufika masekondi asanu ndi awiri osamva kuwawa, wachepa, nsomba ingouma osafiira.

Tenthetsani waya mphindi zisanu, muukweche, muupake mafuta. Pakaninso mafuta pang'ono pa nsomba. Igonekeni kuti mutu ndi pamsana zikhale kumoto wambiri, mchira uloze kozizirirapo, ndipo yambani kuwerenga.

Mbali yoyamba ipatseni mphindi 9. Imatenga nthawi yochulukirapo chifukwa nsomba ikuyamba ili yozizira, komanso khungu likufuna nthawi kuti liume n'kusiya waya. Pa mphindi zimenezi musaigwedeze. Yang'anani m'mizere ya pamwamba ndi m'mimba: mudzaona kuyera kukukwera kuchokera pansi. Pa mphindi 9 tembenuzani kamodzi kokha, mogudubuza nsomba podutsa pamsana pake, pogwiritsa ntchito chotembenuzira chachitsulo chotakata ndi china chochirikizira pamwamba. Kugudubuzira kumsana kumathandiza kuti madzi ndi zimene mwaika m'mimba zisakhuthuke.

Mbali yachiwiri yatsala ndi mphindi 7, koma yang'anani pafupa pa mphindi 5, kutanthauza mphindi 14 chiyambireni. Ngati moto unali wabwino ndipo mizere ndi yozama, nthawi zambiri mudzapeza kachigawo kakang'ono konyezimira, ndipo pofika mphindi 15 kapena 16 yatha. Ngati pa mphindi 14 mnofu wa pafupa ukadali wofiirira koma khungu lafiira kale, sunthirani nsomba kumbali yozizirirapo, muivundikire ndi chivundikiro chachitsulo kapena mbale yachitsulo, n'kuwonjezera mphindi zitatu kapena zinayi.

Mafuta a nsomba akadonthera pamakala n'kuyatsa malawi, sunthani nsombayo mpaka malawi azime. Mwaye wa malawi otere umadetsa khungu n'kuliwawitsa. Zopaka zokhala ndi shuga kapena uchi muzipake pa mphindi zitatu zomaliza, popeza shuga amapserera msanga.

Khungu limakakamira pawaya n'kung'ambika. Ndikulakwitsa pati?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa zinayi: waya wakuda, waya wosatentha, khungu lonyowa, kapena kufulumira kutembenuza. Khungu laliwisi likakhudza chitsulo limagwirana nacho, ndipo limadzasiya lokha likauma n'kufiira. Yesani kunyamula pang'ono ndi foloko yolowetsa pakati pa mawaya. Ikakana, dikirani mphindi ina. Mphindi imeneyo muichotse pa mbali yachiwiri, kuti zonse pamodzi zisapitirire zimene munawerenga. Waya wopinda wotsekera nsomba pakati umachotsa vuto lonseli, chifukwa mumatembenuza wayayo osati nsomba, koma nawonso upakeni mafuta.

Nanga nsomba yaikulu, ya masentimita 7 kapena 8?

Apa musangochulukitsa ndi 4 n'kuisiya pamoto wamphamvu. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuifiiritsa mphindi zinayi kapena zisanu mbali iliyonse pamoto wambiri, kenako n'kuimalizira kumbali yopanda makala pansi, itavundikiridwa. Yembekezerani kuti nthawi yonse ipitirira mphindi 30, ndipo yambani kuyang'ana pafupa kuyambira pa mphindi 28.

Yachiwiri, imene ndimaikonda kwambiri, ndi kuchepetsa kuchindikalako. Ng'ambani nsomba motsatira fupa la msana n'kuitambasula kuti igone thyathyathya, ikadali yolumikizana. Nsomba ya masentimita 8 imasanduka ya masentimita 4. Yezaninso ndipo muwerenge nthawi pa muyeso watsopanowo. Yambani ndi mbali ya mnofu kwa mphindi zochepa kuti ifiire, kenako nthawi yotsalayo igonere khungu, lomwe limateteza mnofu ku moto.

Pokazinga, mphindi ndi zomwezo?

Zimatengera kuchuluka kwa mafuta. M'chiwaya cha mafuta ochepa, ofika theka la kuchindikala kwa nsomba kapena kucheperapo, kutentha kukubwera mbali imodzi monga pamakala, ndiye lamulo silisintha. Nsomba yathu ya masentimita 4 itenga mphindi pafupifupi 16: 9 mbali yoyamba, 6 kapena 7 mbali yachiwiri. Moto ukhale wapakati wopendekera kumwamba. Mukauika pamapeto, mphindi 9 n'zambiri kwa khungu ndipo lipserera. Nsomba iyenera kugona yonse pansi pa chiwaya. Ngati mutu watsamira m'mphepete, mnofu wa kumbuyo kwa mutu, womwe ndi wochindikala koposa, sukhudza mafuta ndipo utsala wauwisi. Zikatero dulani mchira kapena mutu, kapena pendeketsani chiwaya n'kumatunga mafuta otentha ndi supuni kuthira pamalopo.

M'mafuta ambiri omiza nsomba yonse, kutentha kukulowa mbali zonse nthawi imodzi ndiponso m'mizere, choncho nthawi imachepa. Werengani mphindi pafupifupi 3 pa sentimita. Ya masentimita 4 yochekedwa bwino ipsa pa mphindi 10 mpaka 12, ndipo muiyang'ane pa mphindi 10 poinyamula n'kusuzumira mu mzere wa pamalo onenepa.

Mafuta akhale pa madigiri 175 mpaka 190. Popanda choyezera, viikani nsonga ya mthiko wouma: tithovu tikamatuluka mosalekeza kuzungulira mtengowo, mafuta afika. Akayamba kufuka utsi apitirira, zimitsani moto mudikire. Nsomba yozizira ikalowa, kutentha kwa mafuta kumatsika kwambiri, ndipo apa ndi pamene nthawi imasokonekera. Mukaika nsomba zazikulu ziwiri kapena zitatu pamodzi, mafuta amazizira, nsomba zimayamba kumwa mafuta m'malo mokazingika, ndipo mphindi zanu sizigwiranso ntchito. Khutu limathandiza pamenepa. Phokoso likhale lamphamvu ndi losadukiza. Likafooka nsomba itangolowa kumene, mafuta azizira, kwezani moto. Likayamba kuchepa chakumapeto, madzi a pakhungu atha ndipo nthawi yoyang'ana yakwana.

Kuwaza ufa wa tirigu kapena wa chimanga wosalala pa nsomba youma, n'kukutumula wotsalawo, kumathandiza khungu kufiira ndi kusakakamira, ndipo sikusintha nthawi. Mukatula, iikeni pawaya kuti mafuta adonthe. Mukaivundikira, nthunzi yake imafewetsa khungu limene mwavutikira.

Mafuta amathetheka kwambiri ndikaika nsomba. Ndingatani?

Chothetheka ndi madzi. Pukutani nsomba kunja, m'mimba, m'mizere ndi m'mutu, chifukwa m'mutu mumabisala madzi ambiri. Itsitseni pang'onopang'ono mutagwira mchira, ikugonera kutali ndi inu. Poto asadzaze mafuta kupitirira theka, popeza nsomba ikalowa mafuta amakwera n'kuchita thovu. Mafuta akagwira moto musathirepo madzi ngakhale pang'ono. Zimitsani moto wa pansi ngati n'kotheka, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo musanyamule potoyo mpaka atazizira.

Kuphika ndi nthunzi kumatheka popanda poto wapadera?

Kumatheka. Mukufuna poto wotakata wokhala ndi chivundikiro chogwira bwino, mbale yosasweka ndi kutentha yolowa m'potomo n'kusiya mpata m'mbali, ndi chokwezera mbaleyo, monga kambale kachitsulo kapena kawaya koimirira. Thirani madzi akuya masentimita 3 kapena 4, osafika pa mbale ya nsomba.

Pansi pa nsomba yalani timitengo ta anyezi wamasamba kapena zidutswa za jinja, kuti ikwezeke pang'ono ndipo nthunzi idutse kunsi kwake. Mukaigoneka mwachindunji pa mbale yozizira, mbali ya pansi imachedwa, ndipo mudzapeza pamwamba papsa koma pansi pa fupa pali pauwisi. Vutoli limakula mbale ikakhala yochindikala.

Madzi abwate kwambiri musanaike nsomba. Ikani mbale, vundikirani, ndipo yambani kuwerenga nthawi yomweyo. Nthunzi sipitirira madigiri 100, kutali ndi kutentha kwa makala kapena mafuta, komabe imaphika mofulumira chifukwa ikagunda nsomba yozizira imasanduka madzi n'kusiya kutentha kwambiri pamenepo, ndipo imazungulira mbali zonse. N'chifukwa chake pa nthunzi lamulo la mphindi 4 limapitirira pang'ono. Nsomba ya masentimita 4 yochekedwa mizere muiyang'ane pa mphindi 12. Kawirikawiri imapsa pakati pa mphindi 12 ndi 15. Ya masentimita 3 muiyang'ane pa mphindi 8 kapena 9. Siitembenuzidwa.

Moto ukhale wamphamvu mpaka kumapeto, ndipo musamavundukule kawirikawiri. Nthawi iliyonse imene mwatsegula, nthunzi imathawa ndipo poto amafuna kanthawi kuti adzazenso. Povundukula, pendeketsani chivundikiro kuti nthunzi ipite kutali ndi nkhope ndi manja, chifukwa imawotcha koopsa. Poyang'ana kupsa, musathere pa mbali ya pamwamba. Nyamulani fupa pang'ono ndi mpeni muone mnofu wa kunsi.

Njira imeneyi ndi imene imafuna nsomba yatsopano koposa, chifukwa palibe utsi kapena mafuta obisa fungo. Madzi amene atsalira m'mbale alaweni kaye. Akakhala okoma athireni pa nsomba, akamveka fungo atayeni. Ndiyonso njira yoyenera nsomba ya mnofu wofewa ndi wopanda mafuta, imene imauma msanga pamakala. Nsomba yamafuta, ya khungu lolimba, imachita bwino pamakala chifukwa mafuta akewo amaiteteza ngakhale mutapitiriza mphindi imodzi.

Bwanji ngati nsomba ndi youndana, yokulunga kapena yodzaza zinthu m'mimba?

Kawerengedwe komweko kamati youndana iwirikizidwe nthawi kawiri, ndipo yokulunga m'pepala la aluminiyamu iwonjezeredwe mphindi 5. Za yokulungazo n'zoona, chifukwa kutentha kuyenera kudutsa chokulungacho kaye. Koma nsomba yathunthu youndana sindikulangizani kuiika pamakala kapena m'mafuta. Kunja kumapserera pakati pakadali pozizira, ndipo madzi oundana m'mafuta otentha ndi ngozi. Isungunuleni m'filiji usiku wonse, kapena m'thumba lotseka lomizidwa m'madzi ozizira amene mukuwasintha pa mphindi 30 zilizonse. Musanaiphike pisani chala m'mimba motsatira fupa. Ngati pali polimba ndi pozizira kwambiri, sinasungunuke.

Zodzaza m'mimba zimatseka njira imene kutentha kukanalowera, ndiye musathinitse. Magawo ochepa a ndimu ndi masamba onunkhira sasintha zambiri. Zodzaza zolemera zimachindikalitsa nsomba, ndipo nazonso ziyenera kutentha mpaka pakati, popeza zamwa madzi a nsomba yaiwisi.

Ndatula, ndatsegula, ndipo pafupa pali pauwisi. Ndiibwezere pamoto womwewo?

Choyamba onetsetsani kuti ndi uwisi weniweni. Ngati mnofu ndi woyera ndipo ukukanuka pafupa, koma pali mzere wakuda kapena wofiirira motsatira msana mkati mwa mimba, ndi impso ija imene sinachotsedwe bwino, ndipo nsombayo yapsa. Nsomba zina zilinso ndi mnofu wodera mwachibadwa pansi pa khungu, m'mbali. Uwisi weniweni umanyezimira, umakakamira fupa, ndipo mukaukhudza ndi wofunda chabe kapena wozizira.

Ikakhala yaiwisidi, musaibwezere pamoto wamphamvu, chifukwa khungu lafika kale pamapeto ndipo nsomba yotsegulidwa imanyenyeka. Yowotcha muiike kumbali yozizirirapo ya makala, pa pepala la aluminiyamu kapena m'mbale yachitsulo, muivundikire mphindi zitatu. Yokazinga muiike m'chiwaya chokhala ndi mafuta ochepa pamoto wochepa, chivundikiro chitatsekedwa mosiya kampata, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Ya nthunzi ndi yosavuta: bwatitsaninso madzi, bwezerani mbale, mphindi ziwiri. Ngati mwachotsa kale mnofu wa pamwamba ndipo wauwisi ndi wa kunsi kwa fupa, chotsani fupalo n'kubwezera mbali yotsalayo yokha. Tsopano ndi yochindikala theka la poyamba ndipo yatentha kale, choncho muiyang'ane ikangotha mphindi imodzi ndi theka.